Kwa eni kulibe mkuwe

Mlongo wa mkwatibwi walemba mawu awiri okalankhula paphwando la ukwati. Oyambawo akukumbutsa za malemu mayi awo, omwe ankagulitsa mandasi kuti mwanayu aphunzire. Achiwiriwo ndi nthabwala: akuti nsima ya mkwatibwi imatuluka ya mibulu, mkwati akonzeke kuonda.

Akale adati kwa eni kulibe mkuwe, kutanthauza kuti pa anthu osakudziwa sulankhula momasuka ngati pakwanu. Nthabwalayo anzake akusukulu angafe nayo kuseka, koma kutsogolo kwakhala apongozi ndi ankhoswe akuchimuna, ndipo iwo amva kuti mtsikanayu sadalangidwe. Ine ndingasankhe za mandasi, koma mwachidule, misozi ingalande phwando. Za mibuluzo akanene tsiku lina ali ndi anzakewo.