Kudula mofanana kumene kukupha ntchito m'maboma athu

Masiku ano nkhani yoipa m'maofesi imabwera pa imelo. Mkulu woona za chuma amalembera akuluakulu a nthambi zonse nthawi imodzi, wa zaumoyo, wa zaulimi, wa maphunziro, wa zamadzi, wa zankhalango, kuwauza kuti ndalama zachepa, choncho aliyense adule bajeti yake ndi maperesenti akutiakuti ndipo atumize mapepala okonzedwanso lisanafike Lachisanu. Kalatayo imakhala yaulemu ndi yaifupi, ndipo imatha ndi mawu othokoza chifukwa cha kumvetsa kwawo. Mulibe dzina la mudzi, mulibe dzina la wodwala, mulibe funso lakuti ntchito iti ikaima anthu afa. Mtima wanga umawawa chifukwa tafika poizolowera kalata yotereyi, mpaka tikuitcha chilungamo poti yadula onse mofanana.

Sindikutsutsa zoti ndalama zimasowadi. Kuwomberedwa kwa Paul Mphwiyo, amene anali mkulu wa bajeti ku Unduna wa Zachuma, mu Seputembala 2013, kunavundukula kubedwa kwa ndalama za boma kumene tonse timakutchula Cashgate, ndipo maiko otithandiza anaimitsa thandizo lawo lolowa mwachindunji mu bajeti, limene linkafika pafupifupi 40 peresenti ya bajetiyo. Ululu wake unatsikira kumaboma. Pofika 2015 zipatala zambiri za boma zinali zitachepetsa chakudya cha odwala kufika kamodzi patsiku. Amene anaba anali ku Kapitolo Hilu, koma amene anagona ndi njala anali mayi wogonekedwa m'wodi, yemwe sanaonepo khomo la ofesi imeneyo. Kenaka kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Mwezi womwewo Pulezidenti Lazarus Chakwera anaimitsa maulendo akunja a iye mwini ndi nduna zake, nadula ndi theka mafuta a nduna ndi akuluakulu a boma. Kudula kumeneko kunali ndi nzeru yake, chifukwa kunaloza chinthu chodziwika chimene munthu angachisiye osafa. Chimene ndikudandaula nacho ndi kudula kosaloza, kongoponya nambala imodzi pamitu ya onse.

Tiyenera kumvetsa kumene mpeniwo umagwera. Malipiro a ogwira ntchito m'boma sakhudzidwa ndi kalata yotere. Chimene chimadulidwa ndi ndalama zoyendetsera ntchito za tsiku ndi tsiku, zimene a m'maofesi amazitchula ORT: mafuta a galimoto ndi njinga zamoto, magetsi, madzi, chakudya cha odwala, kukonzetsa zowonongeka, mapepala, misonkhano ndi maalawansi. Choncho namwino, mlangizi ndi dalaivala amalandirabe malipiro awo, koma zida zogwirira ntchito zachotsedwa m'manja mwawo. Dziko limalipira munthu mwezi wathunthu kuti akhale pakhonde la ofesi, poti lasunga ndalama ya malita ochepa a petulo amene akanamufikitsa kumudzi. Uku sikusunga ndalama, ndi kuwononga ndalama zambiri pofuna kuoneka ngati tasunga zochepa.

Tiyeni tiwerengere limodzi, ndi nambala zongoyerekeza kuti nkhani imveke. Tinene kuti ofesi ya zaumoyo ya boma lina imalandira K20 miliyoni pamwezi: K7 miliyoni ya magetsi ndi madzi, K5 miliyoni ya chakudya cha odwala, K4 miliyoni ya mafuta, K2 miliyoni yokonzetsera galimoto ndi zida, ndi K2 miliyoni ya misonkhano ndi maalawansi. Imelo yabwera, yati dulani 20 peresenti, ndiye kuti K4 miliyoni. Escom ndi bungwe la madzi salandira imelo imeneyo; mtengo wawo ndi womwewo, ndipo firiji ya katemera ndi chipinda cha opaleshoni sizingazimitsidwe tsiku limodzi pa masiku asanu alionse. Choncho K4 miliyoni yonseyo iyenera kuchoka pa K13 miliyoni yotsalayo, ndipo kudula kumene kunalembedwa kuti 20 peresenti kwasanduka pafupifupi 31 peresenti pa chakudya, mafuta, kukonzetsa ndi misonkhano.

Tsono tione mafuta okha, ndi mitengo yeniyeni. Mu Novembala 2023 dizilo anakwera kuchoka pa K1,920 kufika pa K2,734 pa lita. K4 miliyoni ija, imene inkagula malita 2,083, inayamba kugula malita 1,463 okha, wina asanadule kanthu. Tikangochotsapo 20 peresenti yokha, kusiya K3.2 miliyoni, malita amatsika kufika 1,170. Papepala palembedwa kuti tadula gawo limodzi mwa magawo asanu, koma m'thanki ya ambulansi mwatsala mafuta opitirira theka pang'ono chabe. Wolemba imelo uja amadziwa masamu kuposa ine, ndipo izi sizobisika kwa iye. Chimene chasowa ndi mtima wofuna kuzilemba m'kalatamo.

Amene amadziwa Machinga amamvetsa tanthauzo la malita amenewa. Chipatala chachikulu cha boma chili ku Liwonde, kumbali imodzi ya bomalo, pamene anthu ambiri ali kutali, ku Ntaja, ku Nselema, ku Chikweo, ku Ngokwe, ku Nayuchi kumalire ndi Mozambique, m'mbali mwa nyanja ya Chilwa ndi ya Chiuta kumene misewu imavuta mvula ikagwa. Mayi amene uchembere wamuvuta pachipatala chaching'ono cha kumeneko amadalira galimoto yochoka ku Liwonde, yopita ndi kubwerera. Mafuta akatha pakati pa mwezi, azamba amauza abale kuti asonkhe ya mafuta kapena apeze galimoto ya matola, ndipo nthawi imene akugulitsa mbuzi usiku ndi nthawi imene magazi akutayika. Ku Balaka, kumene kunakhala boma palokha mu 1998 kuchokera ku Machinga komweku, mtunda wochoka ku Utale, ku Phalula kapena ku Ulongwe suchepa chifukwa bajeti yachepa. Ndipo Balaka ndi dera louma, limene mvula ikangodula pang'ono chimanga chimapserera, monga zinachitikira mu 2024 pamene maboma 23 mwa 28 analengezedwa kuti ali pa ngozi ya chilala. M'dera lotere mlangizi wa zaulimi akasowa petulo mu Disembala ndi Januwale, mbozi zikadya chimanga popanda wochenjeza, ndalama yobwera mu Epulo singabweze kanthu. Ntchito zina zili ndi nyengo yake, koma peresenti ya mu imelo siidziwa nyengo.

Pali china chimene chimadulidwa mwakachetechete chifukwa palibe amene amachilirira tsiku lomwelo: ntchito yoteteza matenda. Mankhwala othira m'madzi akumwa, ulendo wa alangizi a zaumoyo woyendera zitsime ndi zimbudzi, sikelo ya ana kumidzi yakutali, zonsezi zikaima palibe maliro amene amamveka sabata imeneyo. Koma tisaiwale kuti mliri wa kolera umene unapha anthu opitirira 1,700 m'dziko muno unayambira ku Machinga mu Malichi 2022, pambuyo pa madzi osefukira a namondwe Ana. Anthu a kuno aona ndi maso awo kuti kuchiza kolera m'matenti kumadya ndalama zochuluka kuposa kuiteteza pachitsime. Nanga bwanji ndalama ya mlangizi imadulidwa ndi mulingo womwewo umene wadulira ndalama ya zokhwasula khwasula za pamsonkhano?

Yankho lake ndi lomvetsa chisoni. Kudula mofanana kumapulumutsa atsogoleri ku ntchito yowawa yosankha. Ukanena kuti nthambi iyi isadulidwe konse koma iyi idulidwe theka, wadzipangira adani, ndipo uyenera kufotokoza chifukwa chake pamaso pa anzako amene umadya nawo nkhomaliro. Ukanena kuti nonse 20 peresenti, palibe amene angakuloze chala. Komatu ngakhale mayi wa kumudzi, ufa ukachepa, sachotsa mofanana pambale ya mwana wodwala ndi pambale ya mnyamata wamphamvu. Amayang'ana nkhope za ana ake, nasankha, ngakhale mtima ukumupweteka. Ife amene tinapita kusukulu tataya nzeru imeneyi, ndipo mantha athu tawapatsa dzina la kusakondera.

Choipa kwambiri nchakuti chizolowezi chimenechi chimaphunzitsa anthu bodza. Mkulu wa nthambi amene analemba bajeti yoona, yopanda mafuta owonjezera, ndiye amavulala; amene anakweza nambala zake dala amadulidwa nkutsala ndi zomwe ankafuna. Chaka chotsatira onse aphunzira, onse akweza nambala, ndipo bajeti yaleka kukhala chithunzi cha zosowa za anthu. Ena amadula papepala pokha: ntchito ikupitirira pa ngongole, wogulitsa nyemba ndi nkhuni kuchipatala sakulipidwa miyezi ingapo, mpaka iye naye akweza mtengo kuti adziteteze kapena angosiya kubweretsa katundu. Zizindikiro zake aliyense angazione popanda kuwerenga buku la ndalama. Mukaona galimoto zambiri zakhazikidwa pa miyala kuseri kwa ofesi chifukwa cha kachipangizo kakang'ono, mukamva kuti madzi adulidwa chifukwa cha ngongole, mukaona odikirira odwala akuphika okha chakudya chimene chipatala chinkapereka, koma maphunziro a masiku atatu kunyanja akuchitikabe ndipo maenivelopu akugawidwabe, dziwani kuti mpeni wagwera pa anthu opanda mawu. Amene amagawa kudulako mkati mwa nthambi ndi omwewo amene amalandira maalawansi, ndipo ndi ochepa amene amayamba ndi thumba lawo.

Lamulo la maboma ang'onoang'ono la 1998 linabwera ndi lonjezo la mphamvu ku anthu, kuti zosankha za ku Machinga zizipangidwa ndi anthu a ku Machinga kudzera mwa makhansala, mafumu ndi makomiti a chitukuko a m'midzi ndi m'madera. Koma chosankha chachikulu kuposa zonse, chakuti ndalama zikachepa tisiye chiyani, chimadutsa pa foni za anthu osakwana makumi awiri, ndipo mfumu imadzamva nkhaniyo tsiku limene yaitanitsa ambulansi.

Kalata yabwino siyovuta kulemba. Inene poyera kuti ndalama zasowa zingati ndipo chifukwa chiyani. Itchule zinthu zosakhudzidwa: mafuta a ambulansi, chakudya cha odwala, firiji ya katemera, maulendo a alangizi m'nyengo ya dzinja. Ipemphe mkulu aliyense kusanja ntchito zake kuyambira imene ikaima munthu afa kufikira imene ingadikire chaka chamawa, kuti kudula kuyambire kumunsi kwa mndandandawo, ngakhale zitatanthauza kuimitsa ntchito imodzi yonse m'malo molumaza zonse pang'onopang'ono. Ndipo iwerengere malita ndi matumba, osati makwacha okha.

Inu makhansala a ku Machinga ndi ku Balaka, ndi inu mafumu amene mumakhala pamsonkhano wa khonsolo, kalata yotere ikadzabweranso musaivomereze isanawerengedwe pamaso panu. Funsani mkulu wa zachuma ndi bwanamkubwa kuti ambulansi yatsala ndi malita angati mwezi uno, odwala adya kangati patsiku, ndipo pa maalawansi pachoka zingati.