Funso la ndalama likhale pamwamba

Inu ogulitsa anapiye a tsiku limodzi, tatengani pepala lanu lija la mafunso ndi mayankho, limene munamata pakhoma la shopu ndiponso mumatumizira makasitomala pafoni. Liwerengeni kuyambira pamwamba ngati mmene angaliwerengere mayi amene wangokoka ndalama kubanki mkhonde kuti agule anapiye 100. Funso loyamba likufotokoza chaka chimene bizinesi yanu inayamba. Lachiwiri likunena za masomphenya anu. Mayiyu mtima uli pa chinthu chimodzi chokha: anapiye akafera panjira, ndalama zake zibwera kapena zapita? Yankho lilipo ndithu, koma munalikwirira pa nambala 23, mkati mwa ndime yodzaza theka la tsamba. Safikako. Amakuimbirani foni, kapena amapinda pepalalo mwakachetechete n'kukagula kwina. Wachiwiriyu ndi amene ayenera kukusowetsani tulo, chifukwa simudzadziwa n'komwe kuti anafika pakhomo panu.

Mndandanda wotere sutalika mwadala. Umakula mmene mafunso amabwerera: wina akafunsa chachilendo, mumachiwonjezera kumapeto, ndipo pakapita zaka ziwiri dongosolo lake limangosonyeza funso limene linalembedwa kale ndi limene linalembedwa dzulo. Ntchito yoikonza ili m'manja mwanu, ndipo sifuna katswiri kapena ndalama. Ifuna kope, cholembera ndi milungu iwiri.

Musayambe n'kuganizira mwa inu nokha kuti anthu amafunsa chiyani. Mwini bizinesi amakumbukira mafunso amene anamuvuta kuyankha, osati amene amabwera tsiku ndi tsiku. Ikani kope pakauntala, ndipo aliyense woyankha makasitomala, kaya pamaso, pafoni kapena pa WhatsApp, alembe funso lililonse m'mawu enieni a wofunsayo. Likabweranso, azingoika kamzere pambali pake. Mnyamata wonyamula mabokosi musamuiwale, pakuti anthu ambiri amaopa kufunsa bwana koma amamasuka kwa iye.

Milungu iwiri ikatha, phatikizani mafunso amene ali ndi nkhawa imodzi ngakhale mawu ake akusiyana. "Afika liti?", "Lachinayi ndibwere?" ndi "Galimoto yanyamuka?" ndi funso limodzi. Tiyerekeze kuti mwawerenga mafunso 120 ndipo mwapeza kuti 40 ndi a mtengo ndi kalipiridwe, 30 ndi a tsiku lotenga anapiye, 20 ndi a katemera, 10 ndi a anapiye akufa, ndipo 20 otsalawo ndi amitundumitundu. Nkhawa zinayi zokha zatenga mafunso 100. Zimenezi zikwere pamwamba lero lomwe, monga mmene wagolosale amaikira mchere, shuga ndi sopo pamalo pamene dzanja lifika osadzuka pampando.

Koma kuwerenga kokha kungakusokeretseni. Funso la anapiye akufa lili ndi timizere 10 tokha, komabe ine ndingalikweze kufika pa nambala 2, pamwamba pa katemera ndi tsiku lotenga. Anthu salifunsa kawirikawiri chifukwa amachita manyazi, amaona ngati akukukayikirani kapena akulosera tsoka. Nkhawayo ali nayo onse, ndipo ndi imene imachititsa munthu kubweza ndalama m'thumba. Choncho pa funso lililonse dzifunseni zinthu ziwiri: limabwera kangati, ndipo munthu akapanda kupeza yankho lake ataya chiyani? Funso lokhudza ndalama zotayika kapena ziweto zakufa likwere, ngakhale timizere take tichepe.

Tsopano gwirani mayankho. Apa m'pamene ambiri dzanja limanjenjemera, chifukwa mawu amene munadzilembera nokha amapweteka kuwafufuta. Fufutani! Taonani yankho ngati ili, lomwe limapezeka pamapepala ambiri: "Ife monga kampani timayesetsa kwambiri kuonetsetsa kuti anapiye athu ndi athanzi ndipo amanyamulidwa mosamala, komabe pozindikira kuti pa ulendo pamachitika zambiri, oyang'anira athu amaunika dandaulo lililonse mogwirizana ndi ndondomeko zathu." Mayi uja wawerenga mawu 30 koma sanamve ngati abwezeredwa. Ngati lamulo la pashopu panu ndi lobweza, lembani chonchi: "Anapiye akafera panjira mundibwezera? Inde. Tsegulani bokosi ndi kuwerenga tili limodzi musanachoke. Akufa timakupatsani ena pomwepo. Ofera kunyumba kwanu sitibweza."

Onani mmene yankholi lamangidwira. Funso lalembedwa mmene kasitomala amalifunsira, osati "Ndondomeko ya madandaulo". Liwu loyamba ndi yankho lenilenilo: inde, ayi, mtengo kapena tsiku. Kenako pakubwera chimene munthuyo achite, ndipo pomaliza malire ake. Chiganizo chomalizachi n'chowawa, ndipo mtima udzakuuzani kuti muchichotse kuti yankho lifupike ndi kukoma. Musatero. Kufupikitsa kumene kumabisa malire kumabala mkangano pakauntala, munthu atanyamula anapiye akufa m'jumbo, akuloza pepala lanu lomwe. Chotsani mawu odzitamandira, mawu opepesa ndi mbiri. Nambala, tsiku ndi malire zisiyeni.

Muyeso wabwino ndi uthenga wapafoni wa zilembo 160. Yankho likakwana mu uthenga umodzi kapena iwiri, lafupika mokwanira. La kalipiridwe litchule njira zimene mumalandirira ndalama, kaya Airtel Money, Mpamba kapena pamanja, ndi zimene munthu asunge ngati umboni woti walipira. La katemera linene amene anapiye alandira kale ndi amene mlimi ayenera kupereka yekha, monga wa chitopa ndi wa gumboro. Tsatanetsatane wa masiku a katemera, kafunditsidwe ka anapiye ndi kasinthidwe ka chakudya n'zofunika kwambiri, koma malo ake ndi pepala lina limene mlimi alandire pamodzi ndi bokosi lake. Pa mndandanda pangokhala chiganizo cholozera kumeneko.

Mukamaliza, yesani ntchito yanu pa munthu amene sanaonepo pepalalo. Mpatseni ndi kumuuza kuti, "Tapezani tsiku limene mungatenge anapiye." Inu khalani chete, muyang'ane chala chake. Chikatsika n'kukweranso, kapena akatembenuza tsamba, funsolo lili pamalo olakwika kapena mawu ake si a anthu. Akapeza koma n'kukufunsani kuti, "Ndiye kuti chiyani?", vuto lili m'yankho. Bwezerani kope lija pakauntala milungu ina iwiri. Funso limene timizere take sitinachepe, ngakhale kwa anthu amene analandira pepala, lilembeninso.

Dongosololi lisaume ngati simenti. Nkhuku zanyama zimafika pogulitsa pakatha milungu pafupifupi 6, choncho amene akufuna msika wa Khirisimasi amasaka anapiye kumayambiriro kwa Novembala. Nthawi imeneyo funso lakuti "Ndilembetse liti kuti ndisasowe?" liyenera kudumpha onse n'kukhala loyamba, ndipo mu Januwale litsikenso. M'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi, funso la kufunditsa anapiye likwere. Mtengo ukasintha, sinthani pepala tsiku lomwelo ndi kulemba deti pamwamba, chifukwa pepala lakale limayendabe m'mafoni a anthu.

Mbiri ya bizinesi ndi masomphenya aja zipite kumapeto, kapena zichoke kumene. Gulani kope madzulo ano, mulembe deti patsamba loyamba, ndipo mawa kasitomala woyamba akangotsegula pakamwa, lembani funso lake mmene walinenera.