Mfundo zofunika kwa wojambula mavidiyo amene zokamba zamuthera

Tiyerekeze mnyamata wa ku Madziabango amene amajambula mavidiyo a zaulimi pa foni n'kumawaika pa Facebook ndi TikTok. Wajambula kubzala, kupalira, kubandira mpaka kukolola. Tsopano ndi mwezi wa June, m'minda mwatsala mapesi okhaokha, ndipo iye mutu waima. Ambiri akafika pamenepa amayamba kukopera za anzawo, chonsecho anthu oonera akhala akuwafunsa mafunso chaka chonse.

1. Funso lilembeni tsiku lomwe lafunsidwa. Kaya labwera pa WhatsApp, kaya wina wakuimitsani pamsika wa Lunzu, kaya mwalimva mu minibasi, lilowe m'kope. Mulembe mawu enieni a wofunsayo, tsiku, ndi dera lomwe amakhala. Likabweranso kuchokera kwa munthu wina, ikani kachizindikiro pambali pake. Funso lomwe anthu atatu osadziwana afunsa ndi vidiyo kale, langotsala kujambula. Kunyalanyaza kulemba ndi kudzikuza, chifukwa kumasonyeza kuti mumaona ngati zofunika zimachokera m'mutu mwanu mokha.

2. Musathamangire kuyankha, yambani mwafunsa. Mayi wina wa ku Lirangwe watumiza uthenga wa mawu kuti chimanga chake chafumbwa ngakhale anathira mankhwala. Waulesi amangoyankha kuti agule thumba la PICS, nkhani n'kuthera pomwepo. Wofatsa amafunsa kaye kuti: Mayi, chimangacho chinauma bwino? Munachitonola liti? Matumba ndi atsopano kapena a chaka chatha? Mwawasanja pansi kapena pathandala? Yankho lililonse ndi vidiyo payokha.

Yoyamba ikhale ya kuuma. Tengani botolo lagalasi louma, ikanimo chimanga chotonola ndi mchere wouma, tsekani, khutchumulani, ndipo mulisiye kwa kanthawi. Mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo, chimangacho chidakali ndi chinyezi ndipo chikasungidwa chichita chuku. Zimenezi kamera ya foni imazionetsa bwino kuposa mawu. Yachiwiri ikhale ya thumba la PICS lija. Lili ndi matumba atatu, awiri apulasitiki m'kati ndi lasaka kunja, ndipo lililonse limamangidwa palokha mutafinya mpweya. Anankafumbwe amafa chifukwa chosowa mpweya, n'chifukwa chake kabowo kakang'ono kapena kutsegulatsegula kumaononga ntchito yonse. Yachitatu ionetse kasanjidwe ka matumba, kutali ndi khoma komanso osagunda pansi. Yachinayi muijambule patapita miyezi ingapo, mukumasula thumbalo anthu akuona. Funso la mayi mmodzi lakupatsani ntchito ya mwezi wathunthu, ina n'kutsalira m'tsogolo.

3. Dziwani kuti funso limafika mochedwa. Anthu amafunsa za chitopa nkhuku zitayamba kale kugwa, makamaka nyengo yotentha. Pamenepo vidiyo yanu singapulumutse nkhuku yodwala, poti chitopa chilibe mankhwala ochiza. Chomwe chilipo ndi katemera, monga wa I-2 wodontheza m'diso, ndipo amaperekedwa kwa nkhuku zomwe sizinadwale. Apa m'pamene tsiku munalemba m'kope lija limagwira ntchito. Ngati mafunso a chitopa anachuluka mu October, chaka chotsatira vidiyo ya katemera ituluke mu July kapena August. N'chimodzimodzi ndi mbozi za ntchemberezandonda zomwe zinavuta kwambiri m'dziko muno mu 2017: anthu amafunsa masamba atabooka kale, pamene anafunika kuphunzira kusuzumira mu nsonga ya chimanga chidakali chaching'ono.

4. Wolankhula kwambiri si anthu onse. Pali ena amatumiza mauthenga tsiku lililonse, kufuna kuti mujambule zandale kapena muyankhe amene wakunyozani. Mukawatsatira mudzapeza oonera ambiri kwa sabata imodzi, koma agogo amene amaonera pa foni ya mdzukulu wawo adzasiya osakuuzani. Kumbukiraninso kuti oonera anu amagula bandulo ya Airtel kapena TNM ndi ndalama yomwe akanagulira mchere. Yankho libwere kumayambiriro, moni wautali adikire.

5. Funso lomwe simulidziwa si lanu lokha. Wina akafunsa mlingo wa mankhwala opopera kapena jakisoni wa mbuzi, musalote. Pitani kwa alangizi a zaulimi kapena a ziweto a m'dera lanu, apempheni kuti afotokoze okha mukujambula. Ndipo dzina la wofunsa musalitchule asanalole. Bambo amene mbuzi zake zafa safuna kuti mudzi wonse udziwe kuti anachedwa kuitana alangizi. Ndi bwino kungonena kuti funsoli lachokera ku Chileka, kenako mufufute nambala ndi chithunzi chake musanaonetse uthengawo pa vidiyo.