Mfundo Zofunika pa Maina Amene Makalaliki Anatisiyira

Ku Nkolokosa, monganso ku Zingwangwa ndi ku Ndirande, kumakhala anthu amene makolo awo anachokera kutali: ku Thyolo, ku Ntcheu, ku Nkhata Bay, ena kutsidya kwa malire ku Mozambique. Ambiri a ife tili ndi dzina lachiwiri limene sitidziwa bwino kumene linachokera, ndipo nthawi zina ana a munthu mmodzi amalilemba mosiyana, wina Nkhoma, wina Nkoma, wina Mkoma. Timayamba kulilabadira tsiku limene ndalama za malemu zakanika kutuluka chifukwa cha chilembo chimodzi. Nazi mfundo zoti tizilingalire tsikulo lisanafike.

1. Kalaliki ankafuna msonkho, sankalemba mbiri ya banja lanu.

Boma la atsamunda litakhazikika mu 1891, Harry Johnston anayambitsa msonkho, ndipo posakhalitsa unakhazikika pa mashilingi 3 nyumba imodzi. Kuti msonkhowo utoleredwe panafunika kaundula, ndipo kaundulayo ankafunsa zinthu zochepa: dzina la munthu, dzina la bambo ake, mudzi ndi mfumu. Lamulo lolembetsa kubadwa ndi imfa la 1904 linkakakamiza azungu ndi amwenye, koma munthu wakuda linamusiya. Choncho pepala loyamba limene agogo athu ambiri anatchulidwapo linali chiphaso cha msonkho, chitupa cha ntchito kapena buku la ubatizo.

Vuto linayambira pa funso lakuti "Bambo ako ndani?" Pakati pa Amang'anja, Achewa, Ayao ndi Alomwe, mwana ndi wa kuchikazi. Womuyang'anira ndi malume, ndipo mbumba imawerengedwa kudzera mwa amayi. Munthu ankadziwika ndi dzina lake, mfunda wake ndi mudzi wake, ndipo dzinalo linkatha kusintha akachoka ku chinamwali kapena ku jando. Dzina la banja loyenda kuchokera kwa bambo kupita kwa mwana ndi mdzukulu osasintha kunalibe. Kalaliki atafunsa, mnyamata anangotchula dzina limene bambo ake ankaitanidwa nalo pabwalo, ndipo dzina la munthu mmodzi lija linasanduka la mbadwo wonse. N'chifukwa chake lero tili ndi mabanja a Jemusi, a Wilisoni ndi a Saidi, pamene mwana wa mchimwene wa agogo omwewo analembetsa mfunda n'kukhala Phiri. Musakane m'bale wanu chifukwa choti chiphaso chake sichifanana ndi chanu.

2. Si kulakwa konse kumene kunali kwa mzungu, ndipo si kalembedwe konse kachilendo kamene kanali kulakwa.

Makalaliki ambiri amene ankagwira cholembera pa boma ndi m'maesiteti a tiyi anali anthu athu, ophunzira ku Blantyre Mission, ku Livingstonia kapena ku Nkhoma, ndipo aliyense ankalemba monga anaphunzitsidwira. Mtanthauziramawu wa Chimang'anja wa David Clement Scott, umene unatuluka mu 1892, sunkaika h pa mawu otuluka ndi mpweya, kotero phiri linkalembedwa piri. Wophunzira kalembedwe kameneko akamva Phiri ankalemba Piri, akamva Khumbanyiwa ankalemba Kumbanyiwa, ndipo pa nthawi yake sanalakwitse. Buku Lopatulika la 1922 linkalemba c pamene ife timalemba ch, choncho Chisale wina anatuluka Cisale. Bungwe la Chichewa Board linabwera mu 1972, mabanja ambiri atalembedwa kale.

Zizindikiro za kalembedwe kakale n'zosavuta kuziona. H amasowa pambuyo pa p, t ndi k. M kapena n woyambirira amagwa kapena kusinthana, chifukwa khutu la mlendo silinkamumva. L ndi r amalowana, popeza kwa ife ndi liwu limodzi: Makanjira ndi Makanjila ndi mfumu yomweyo. Kachizindikiro ka mu ng' kamatayika, Ng'oma n'kukhala Ngoma. Ngakhale mafumu akuluakulu sanapulumuke, pakuti Inkosi M'mbelwa m'mabuku a boma anali Mombera, mpaka boma lonse la kumeneko linkatchedwa choncho.

Chimene chimandipweteka n'chakuti titalandira ufulu maina a malo anakonzedwa. Cholo anakhala Thyolo, Mlanje anakhala Mulanje, Kota Kota anakhala Nkhotakota. Boma linkatha kusintha chikwangwani cha pamsewu ndi chilengezo chimodzi, koma maina a mabanja anatsala m'mafayilo monga analili, ndipo aliyense anasiyidwa kuti adzionere yekha.

3. Musaseke dzina limene munthu anabwera nalo kuchokera ku ntchito.

Amuna zikwizikwi anapita ku migodi ya ku Joni kudzera ku Wenela, ena ku mafamu a ku Rhodesia kudzera ku Mthandizi, enanso wapansi popanda wowalemba. Kumeneko kalaliki anali Mshona, Mndebele kapena Mzulu, ndipo ankalemba ndi khutu la chilankhulo chake. Kapitawo akalephera kutchula dzina ankapereka lake, ndipo maina ngati Supuni, Foloko ndi Sikisipensi analowa m'zitupa. Ena ankasintha dzina dala. Munthu wothawa bwana wankhanza kontirakiti isanathe ankadziwa kuti chitupa chakale chimugwiritsa, ndiye ankatenga china pa dzina latsopano. Dzina lotere ndi chipsera cha nkhondo imene agogo anamenya kuti akhale ndi moyo.

Clements Kadalie, amene anayambitsa bungwe la apantchito la ICU ku Cape Town mu 1919, anabadwira ku Chifira pafupi ndi Bandawe, ndipo kwawo anali Lameck Koniwaka Kadali Muwamba. Ku South Africa dzina limene linakhazikika ndi Kadalie, ndipo zidzukulu zake zinadziwika nalo, pamene abale ake ku Nkhata Bay ndi a Muwamba. Alomwe ndi Asena amene anadutsa m'manja mwa Apwitikizi anabwera ndi maina ngati Zuze ndi Juwawo, ndipo amene analembedwa kutsidya ali ndi nh pamene ife timalemba ny.

4. Konzani mapepala mwini wake akadali moyo.

Tiyerekeze banja limodzi la ku Nkolokosa, kuti tione m'mene unyolo umadukira. Agogo anafika pa esiteti ku Thyolo, n'kunena kuti bambo awo ndi Mphepo. Kalaliki wa pa esiteti analemba Pepo. Mwana wawo pobatizidwa, mlaliki analemba Mpepo, ndipo dzina limenelo ndi limene anapita nalo ku sukulu, kuyamba nalo ntchito ku Limbe ndi kulembetsa nalo nyumba. Ana ake anaphunzira m'zaka za m'ma 1980, aphunzitsi awo anawonjezera h, ndipo masatifiketi awo onse akuti Mphepo. Mu 2017, pamene bungwe la National Registration Bureau linalemba anthu oposa 9 miliyoni, bamboyo ndi mkazi wake anatsatira ana awo n'kulembetsa Mphepo.

Bamboyo atamwalira, chikalata cha imfa chikutsatira chiphaso cha unzika, chikuti Mphepo. Fayilo ya penshoni, buku la ku banki ndi mapepala a nyumba akuti Mpepo. Mayi wamasiye afika pa kauntala, ndipo wogwira ntchito awauza mwaulemu kuti, "Amayi, pepani, kwa ife awa ndi anthu awiri." Wogwira ntchitoyo sakuchita nkhanza. Akalipira munthu wolakwika mlandu ndi wake, ndipo kompyuta siidziwa kuti Scott sankalemba h.

Njira ilipo, koma ndi yotopetsa kwa munthu amene ali pa chisoni. Pamafunika chikalata cholumbira pamaso pa majisitireti kapena loya wololedwa kulumbiritsa, chonena kuti Mpepo ndi Mphepo ndi munthu mmodzi, ndipo chitchule kalembedwe kalikonse ndi pepala limene kakupezekapo. Chimalimba chikatsagana ndi zinthu zimene sizisintha: tsiku lobadwa, nambala ya ntchito, mudzi, mfumu yaikulu ndi boma. Kalata ya mfumu ya kumudzi imathandiza, ndipo apa m'pamene anthu a m'tauni amavutika, chifukwa mfumu ingathe kusadziwa munthu amene anachoka ali mwana. Zonsezi bamboyo akanazichita yekha m'mawa umodzi, atanyamula mapepala ake ku malo a ntchito ndi ku banki, iye mwini ali mboni ya dzina lake. Atapita, mkazi wake ayenera kufunafuna mboni, kulipira minibasi ya ku Thyolo ndi kudikira miyezi, ana akufuna fizi.

Choncho tulutsani mapepala onse a m'nyumba, muwayale pa tebulo, muwerenge chilembo ndi chilembo. Yang'ananinso dongosolo la maina, chifukwa dzina loyamba ndi lachiwiri zimasinthana malo kawirikawiri, makamaka pamene onse awiri ndi maina ngati Jemusi ndi Wilisoni.

5. Kukonza dzina sikutanthauza kulibwezera m'mene linalili kale.

Achinyamata ena akazindikira kuti dzina lawo linapotozedwa amathamangira kulilemba "molondola" pa fomu yotsatira. Mtima umenewo ndimaumvetsa, koma umabala kalembedwe kachitatu pamene panali kawiri. Satifiketi ya MANEB ikati Ngoma, pasipoti n'kuti Ng'oma, amene adzavutike ndi inu nomwe pa tsiku lofunsira ntchito kapena sukulu kunja. Maganizo anga ndi akuti banja likhale pansi, lisankhe kalembedwe kamene kali pa mapepala ovuta kusintha, ndipo mwana aliyense wobadwa alembetsedwe motero. Amene akufunadi kubwerera ku dzina la makolo adutse njira ya lamulo yosinthira dzina, asunge chikalata chake, ndipo asinthe mapepala onse, osati limodzi.

6. Zimene kalaliki sanafunse, funsani inu.

Kaundula sanalembe amayi, sanalembe malume, ndipo kawirikawiri sanalembe mfunda. Anaphiri ndi Anabanda amene anabereka mbumba yonse sapezeka m'buku la msonkho pokhapokha ngati nyumba inali yawoyawo. Musadalire kuti mudzazipeza ku National Archives ku Zomba, chifukwa moto umene unatentha maofesi a boma kumeneko mu 1919 unawononga mapepala ambiri a zaka zoyambirira, ndipo otsalawo amanena zambiri za mafumu ndi msonkho kuposa za mabanja. Mabuku a ubatizo ndi a ukwati a m'mipingo yakale amathandiza kwambiri, popeza nthawi zambiri amatchula makolo onse awiri ndi mudzi.

Koma gwero lalikulu ndi azakhali kapena agogo amene akadali ndi mphamvu zolankhula. Afunseni kuti, "Agogo, kodi bambo anu ankatchedwa ndani asanapite ku Joni? Nanga amayi awo anali Anachiyani? Mudzi woyamba unali kuti, pansi pa mfumu iti?" Lembani mayankho m'kope, dzina lililonse monga akulitchulira, pambali pake monga linalembedwera pa chitupa, ndipo kopelo mulisunge pamodzi ndi mapepala a nyumba.