Dola Imodzi, Mitengo Iwiri: Zimene Kabwe Inaona

Mtengo wa dola umene banki yayikulu imalemba ndi lamulo chabe. Lamulo lingathe kunena kuti dola igulidwe pa makwacha angati, koma silingathe kuika madolawo m'banki. Mbiri ya Zambia ikusonyeza zimenezi, ndipo Kabwe inali pakati pake.

Mu Epulo 1968, ku Mulungushi pafupi ndi Kabwe, Kenneth Kaunda analengeza kuti boma litenga gawo lalikulu m'makampani ambiri. Ndalama zakunja nazonso zinali m'manja mwa boma, ndipo pafupifupi zonse zinkachokera ku mkuwa. Mtengo wa mkuwa utagwa mu 1975, madola olowa anachepa, koma ofuna madola sanachepe. Ku Kabwe kokha, mgodi wa mtovu ndi zinki unkafuna zitsulo za makina, likulu la Zambia Railways linkafuna zipangizo za sitima, amasitolo ankafuna katundu wakunja.

Chinthu chikachepa, mtengo wake umakwera. Boma likaletsa kukwerako, anthu amaima pamzere, ndipo amene sangadikire amakagula kumseri. Kusiyana kwa mitengo iwiriyo ndi ndalama imene munthu ali wokonzeka kulipira kuti asadikire miyezi.

Mu Okutobala 1985 Zambia inayamba kugulitsa madola pa okushoni. Dola imene inali pa K2.20 inapitirira K5 pa okushoni yoyamba, ndipo pofika Epulo 1987 inali pa K21. Zinthu zinakwera mitengo kwambiri, anthu anavutika. Pa 1 Meyi 1987 Kaunda anasiyana ndi bungwe la IMF, nakhazikitsa dola pa K8, ndipo komiti ya boma ndiyo inkasankha woti apatsidwe madola.

Tiyerekeze amalonda awiri a ku Kabwe m'masiku amenewo, aliyense akufuna madola 1,000 oitanitsira matayala a galimoto, ndipo tinene kuti kumseri dola ili pa K20. Woyamba ali ndi m'bale wake ku Lusaka, pempho lake lavomerezedwa, walipira K8,000. Wachiwiri wakanidwa, wagula kumseri pa K20,000. Matayala akafika, kodi woyambayo agulitsa motchipa? Ayi ndithu. Matayala ndi osowa, choncho agulitsa pa mtengo wa mnzake uja, ndipo K12,000 yotsalayo ilowa m'thumba mwake. Mwinanso saitanitsa n'komwe matayala, angogulitsa madolawo. Wogula tayala walipira kale mtengo wa kumseri ngakhale sanaonepo dola.

Apa ndi pamene ndimatsutsana ndi onena kuti dola yotchipa imateteza osauka. Imateteza amene ali pafupi ndi cholembera chosainira zilolezo.

Choopsa kwambiri chili kumbali ya obweretsa madola. Munthu amene wagulitsa katundu kunja pa madola 1,000 akauzidwa kuti awapereke ku banki alandire K8,000, pomwe kumseri angalandire K20,000, amaona ngati walipitsidwa msonkho woposa theka la ndalama zake. Ndiye amalemba mtengo wochepa pa mapepala, zotsalazo n'kuzisiya kunja, kapena amazembetsa katunduyo pamalire. Wachibale wogwira ntchito kunja amaleka kutumiza ndalama kudzera ku banki. Banki imaumiratu, mzere umatalika, ndipo mpata wa mitengo umakulirakulira. Boma likamasindikizanso makwacha kuti lilipire ngongole zake, anthu amathamangira dola pofuna kusunga chuma chawo, osati kugula katundu ayi. Apolisi akamamanga osintha ndalama, wosinthayo amangowonjezera mtengo wa kuopsa kwa ntchito yake.

Mu 1992 boma la Frederick Chiluba linalola nyumba zosinthira ndalama kuti ziziika mitengo yake, ndipo mu 1994 malamulo oletsa kusintha ndalama anaimitsidwa. Msika wa kumseri unafota chifukwa panalibenso phindu lobisalira. Sindikunena kuti kumasulako kunabweretsa chuma. Chaka chomwecho cha 1994 mgodi wa Kabwe unatsekedwa, ndipo anthu ambiri anachotsedwa ntchito. Kugwirizanitsa mitengo kumathetsa katangale wa pamzere, koma sikubala madola. Amabwera makamaka dziko likagulitsa zinthu kunja.

Malawi ikudutsa m'njira yomweyi. Mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa ndi 44 peresenti, dola n'kufika pa K1,700, koma kenaka mtengowo unagwiridwanso pamalo amodzi pomwe zinthu zinkakwerabe. Mu 2025 mabanki ankalemba cha m'ma K1,750 pamene kumseri dola inkapitirira K4,000. Wofuna kudziwa mtengo umene ukulamulira dziko afunse wogulitsa zitsulo za galimoto kuti amawerengera dola pa makwacha angati akamaika mitengo ya katundu wake.