M'mera mpoyamba

Sabata yatha ndinawerenga nthano yaifupi imene inandikwiyitsa. Mnyamata wa m'nthanoyo anaba ndalama za amalume ake, anthu anamuthamangitsa mpaka kumtsinje, ine mtima uli m'mwamba. Pa ndime yomaliza wolemba anangoti mnyamatayo anadzidzimuka, zonse zinali maloto. Ndinabwerera koyamba kukafuna pamene wolembayo ananditsina khutu, koma sindinapapeze. Ameneyu anandinamiza, ndipo mwambi umene unandibwerera ndi uja woti m'mera mpoyamba. Chimene ufuna kudzakolola pa tsamba lomaliza uyenera kuchidzala pa masamba oyamba, woŵerenga akuona.

Taonani mmene anachitira Guy de Maupassant wa ku France m'nthano yake ya mkanda, La Parure, ya mu 1884. Mathilde Loisel, mkazi wa kalaliki wa mu unduna wa zamaphunziro, akubwereka mkanda wa dayamondi kwa mnzake wolemera, Mayi Forestier, kuti akavale kuphwando. Mkanda uja ukutayika. Banjalo likugula wina wofanana nawo pa mafuranki 36,000, theka lake chuma chimene mwamunayo anasiyiridwa ndi bambo ake, theka linalo ngongole, zina za katapila. Akuvutika zaka 10 kubweza. Pomaliza Mayi Forestier akumuuza Mathilde kuti mkanda wotayikawo unali wonyengezera, wosaposa mafuranki 500.

Woŵerenga amadzidzimuka, koma akabwerera m'mbuyo amapeza kuti anauzidwa kale. Mkanda utatayika, banjalo linatenga kabokosi kake n'kupita kwa wogulitsa amene dzina lake linali m'katimo. Iye anayang'ana m'mabuku ake, n'kunena kuti sanagulitse mkandawo, ayenera kuti anangogulitsa kabokosiko. Poŵerenga koyamba mawu ameneŵa timawamva ngati chopinga china chabe pa ulendo wa anthu ovutika, ndipo timafulumira nawo limodzi kupita kusitolo ina. Poŵerenga kachiŵiri timaima. Munthu angagulirenji kabokosi kopanda kanthu kwa wogulitsa miyala yamtengo wapatali, ngati si kufuna kuti chinthu chotchipa chioneke chodula? Yankho linali pomwepo, ife tinalidumpha.

Luso lonse lagona apa: chizindikiro chabwino chimakhala ndi matanthauzo aŵiri, ndipo wolemba amatipatsa chifukwa chokwanira chotengera lolakwikalo. Pamene Mathilde akubweza mkanda wogulawo, Mayi Forestier sakutsegula n'komwe kabokosi. Ndani angalandire chuma chotere osachiyang'ana? Koma Maupassant watiika m'mantha a Mathilde, amene akuopa kuti mnzakeyo akatsegula azindikira kusinthako n'kumuyesa wakuba. Tikaona kuti sanatsegule, mtima umakhala pansi, ndipo funso lija sitilifunsa. N'chimodzimodzi tsiku lobwereka lija, pamene mwini wake anavomera msanga popanda kunyinyirika. Tinati ndi kukoma mtima, pamene iye ankangobwereketsa chinthu chotchipa.

Chimene chimandigwira mtima kwambiri n'chakuti mathero ameneŵa amamera pa khalidwe la Mathilde. Kuyambira ndime yoyamba ndi mkazi amene amayeza moyo ndi maonekedwe. M'bokosi la mnzake munali zibangili, ngale ndi mtanda wagolide, koma iye anasankha chonyezimira koposa, osadziŵa kusiyanitsa chenicheni ndi chonyengezera. Utatayika, iye ndi mwamuna wake analemba kalata yabodza yoti chokoŵera cha mkanda chathyoka ndipo akuchikonzetsa. Akanapita kukaulula, zaka 10 zija sizikanawonongeka. N'chifukwa chake mathero ake amapweteka mtima koma sitimawakana.

Ena adzati tsoka silinunkha, ndiye nthano ilekerenji kugwetsa tsoka mwadzidzidzi monga umachitira moyo? Ndivomera pang'ono. Ngozi ikhoza kuloŵa m'nthano popanda chenjezo, monga momwe mkanda uja unatayikira popanda wotiuza kuti utayika. Koma ngoziyo inabwera pakati, n'kuyambitsa mavuto. Ngozi yobwera pa mzere womaliza kudzapulumutsa wolemba amene wasoŵa pothera ndiyo sindingailole. Ndivomeranso kuti mbewu ikhoza kuchuluka. Wogulitsa uja akanawonjeza kuti masiku ano mikanda yonyengezera yachuluka mu Paris, aliyense akanadziŵa mathero nthano isanafike pakati. Maupassant anamupatsa chiganizo chimodzi chokha, n'kutitulutsa m'sitolomo msanga.

Wolemba wa nthano ya maloto ija akanatha kuikonza. Akanaika mtsinje pamalo pamene tinauzidwa kale kuti palibe mtsinje, kapena pakati pa othamangitsa aja akanaikapo agogo amene ndime yoyamba inatchula kuti anamwalira. Tikanadutsa osalabadira, kenaka n'kubwerera kudzazipeza.