Mwambi wopita kwa akulu uloze mwini wake

Mwezi wa Disembala ukafika, mafoni a agogo ku Kawama, mumzinda wa Kitwe, amadzaza ndi mafuno a Khrisimasi ndi Chaka Chatsopano. Ambiri ndi zithunzi za maluwa ndi makandulo zomwe zadutsa kale m'manja mwa anthu osawerengeka. Zidzukulu zina zaona kuti zimenezi n'zopepuka, choncho zayamba kuthiramo mwambi kuti uthenga ulemere. Cholingacho n'chabwino, koma ambiri aiwala kuti mwambi ndi malangizo, ndipo pachikhalidwe chathu malangizo amatsika kuchokera kwa wamkulu kupita kwa mwana. Ukawabweza osaganizira, mafuno aja amasanduka chidzudzulo. Ine ndikuona kuti mwambi wopita kwa wamkulu uyenera kuloza wolembayo. Ukhale kuvomereza kwa mwana kuti anamva zimene anauzidwa.

Tiyambe taona amene akulandira uthengawo. Olankhula Chinyanja okalamba a ku Kitwe ndi ku Ndola ambiri ndi anthu, kapena ana a anthu, amene anachoka ku Katete, Chipata, Petauke ngakhalenso ku Nyasaland kudzafuna ntchito m'migodi ngati wa Nkana, ena m'nthawi ya chitaganya cha 1953 mpaka 1963. Migodi ya ZCCM itagulitsidwa, ntchito yomwe inatha m'chaka cha 2000, ambiri anachotsedwa ntchito koma kumudzi sanabwerere. Pamsika ndi m'basi amalankhula Chibemba, zidzukulu zawo nazo kusukulu zimaphunzira Chibemba, ndiye Chinyanja chozama amachimva mwa apo ndi apo, mwina kumpingo kapena pa Radio 1 ya ZNBC. Munthu wotere mwambi samauwerenga mothamanga. Amaubwereza, n'kudzifunsa kuti, kodi mwanayu akundiuza chiyani?

Titenge chitsanzo cha mdzukulu wa ku Lusaka amene akulembera agogo ake aamuna ku Kawama. Wafuna mwambi wokumbutsa kumudzi, ndipo walemba kuti: "Khrisimasi yabwino agogo. Kwanu n'kwanu, m'nthengo mudalaka njoka." Kwa iye awa ndi mawu okoma onena za kwawo. Koma mwambi umenewu umanenedwa kwa munthu amene watayika m'tauni, kumukumbutsa kuti abwerere. Agogo amene anapuma ntchito kalekale osamanga nyumba ku Katete, amene maliro a abale awo ena anangowamva, akawerenga zimenezi amva kuti mwana akuwatcha mtchona. Ngakhale "Mako ndi mako" uli ndi msampha womwewo, chifukwa ndime yake yachiwiri imanena za kuchepa mwendo. Iwe ukailumpha, ambuya aimaliza okha mumtima, ndipo adzafunsa kuti chilema chawo ndi chiti chimene ukuti ukupirira. "Kupatsa n'kuika" ukauphatikiza ndi ndalama yomwe watumiza pafoni, ndiye kuti wawauza kuti ndi ngongole.

Tsono mdzukulu yemweyo alembe motere: "Agogo, mwaswera bwanji ndi mvulayi? Miyendo ija ikupezako bwino? Ife kuno tili bwino. Chaka chino talephera kubwera, koma paja munkatiuza kuti chibale ndi fupa. Sitinaiwale. Mulungu akusungeni kuti tidzaonane chaka chamawa." Apa mwambi sunabwere poyamba. Wayamba moni ndi kufunsa za moyo, monga mmene mlendo sayambira nkhani asanakhale pansi. Kenako mawu oti "paja munkatiuza" aubwezera mwambiwo kwa eni ake, kotero mwana sakuphunzitsa aliyense. Ndipo amene akumangidwa ndi mwambiwo ndi mwanayo, popeza ndiye amene sanabwere, ndiye amene akulonjeza kuti ubale sunafe. Taonaninso kuti wausiya pakati. "Sichiola" amaliza ndi agogo, ndipo kumaliza kumeneko ndiko kukoma kwake, chifukwa munthu wamkulu amasangalala kupatsidwa mpata woonetsa kuti akudziwa. Kuonjezera kumasulira kwake ndiye kulakwa kwenikweni. Munthu amene anakula ndi miyambi samuuza tanthauzo la fupa.

Komabe chibale ndi fupa si mankhwala a paliponse. Ngati pabanjapo pali mkangano wa nyumba ya masiye, ndipo mikangano yotere si yachilendo m'makomboni momwe nyumba imodzi imayang'aniridwa ndi ana asanu, mwambi womwewo umamveka ngati ukuuza mkuluyo kuti akhululuke msanga. Pamenepo ndi bwino kungopereka moni ndi mafuno basi. Chibale ndi fupa ndithu, koma si ntchito ya mdzukulu kuweruza mlandu pa Khrisimasi.

Ena anganene kuti tikukulitsa nkhani, uthenga wa pafoni ndi masewera chabe. Kwa achinyamata amene amalandira mauthenga makumimakumi pa WhatsApp mwina ndi choncho. Koma agogo ambiri ali ndi kafoni ka mabatani, maso anafooka, ndipo uthengawo amawawerengera mokweza ndi mwana wa pakhomo, alendo ali pomwepo. Zimene unalemba wekha kuchipinda zimakamveka pagulu. Kafoni kameneka kamathandizanso kutiphunzitsa kudziletsa, pakuti uthenga umodzi wa SMS umatha pa zilembo 160. Mwambi umodzi wakwana. Ukaunjika itatu, wowerenga amadziwa kuti wangotola penapake.

Ena amati akuluakulu athu ndi Akhristu, vesi la m'Baibulo n'lokwanira, miyambi ya makolo ilibe malo pa tsiku lobadwa Yesu. Vesilo palibe akuliletsa. Koma alaliki a Chinyanja, a Reformed Church in Zambia ndi a Katolika omwe, akhala akugwiritsa ntchito miyambi paguwa kwa zaka zambiri, ndipo akuluwa sanaonepo vuto. Kusiyana kwake n'koti vesi limapita kwa aliyense mofanana, pamene mwambi umene agogo ankakonda kunena okha umawatsimikizira kuti uthengawu ndi wawo, walembedwa ndi mwana amene ankamvetsera.

Chotsutsa chimene chili ndi mphamvu ndi cha chinenero. Mdzukulu wokulira ku Kawama amaganiza m'Chibemba, ndiye bwanji kumukakamiza mwambi wa Chinyanja umene sakuumva bwino? Apa ndikuvomereza pang'ono. Mwambi wosaumva usaulembe, ndipo usatenge wa Chibemba kapena wa Chingerezi n'kuutembenuza liwu ndi liwu, chifukwa mkulu amazindikira nthawi yomweyo kuti mawuwo si a makolo ake. Moni waulemu wa Chibemba uposa mwambi wopotoka. Koma njira ilipo, ndipo ndi yakale: funsa mayi ako kapena azakhali kuti agogo ankakonda kunena chiyani, ankanena pa nkhani yanji, ndiponso ankauza ndani. Funso lachitatuli ndi limene ambiri amalilumpha, chonsecho ndi limene limakuuza ngati mwambiwo ndi wotonthoza kapena wokalipira.

Ngati wakhoza, udziwa pa yankho. Agogo akamaliza mwambi uja, kapena akaimba foni n'kuyamba kusimba za amene anawaphunzitsa, ndiye kuti walowa. Akangoti "zikomo" mouma, kapena akayankha ndi mwambi wina wakuthwa, monga woti mawu a akulu akoma akagonera, dziwa kuti wawaponda. Pamenepo usatumize uthenga wina wofotokozera. Imba foni, upepese ndi pakamwa pako.

Makolo amene muli pakati, inu amene mumamva Chinyanja cha agogo ndi Chibemba cha ana, Disembala uno muziyamba mwaona zimene ana akulemba asanatumize ku Kawama.